Anabwera kudzakuzonda ndani?

"Agogo, chapa yomwe ndinakwera kuchokera ku Ulongwe kupita ku Tete inagubuduzika tayala litaphulika. Ine ndinangosupuka pamkono. Patha masabata awiri, koma chitseko chikamenyeka ndimadzidzimuka, mtima kugunda, tulo osabwera. Kodi ndayamba misala?"

Misala ayi, mdzukulu wanga. Thupi limachedwa kumva kuti ngozi inatha, ndiye likadali tcheru ngati mbuzi yopulumuka kwa fisi. Kwa anthu ambiri zimenezi zimazirala zokha pakapita masabata angapo. Umayamba wagona bwino usiku umodzi, wina n'kulota chapa ija, kenaka mausiku abwino n'kumachuluka.

Koma sunandiuze kuti anabwera kudzakuzonda ndani. Kapena anangolemba "pepa" pafoni, n'kukutumiziranso zithunzi za galimoto yophwanyikayo? Zithunzizo fufuta.

Nkhondo ya kuno ku Mozambique itatha mu 1992, tikubwerera kuchokera ku Malawi, mlongo wanga ankati nsungwi ikaphulika pamoto, iye ali kale pansi pa nkhokwe, chikho cha thobwa chitatayika. Palibe ankamuseka. Madzulo abale ankabwera, kuyala mphasa pakhonde, wina akutong'ola chimanga, wina akungosonkheza moto. Sankamupanikiza ndi mafunso. Akafuna kufotokoza ankafotokoza, nkhani yomweyomweyo kangapo, ife n'kumangoti, "Pepani achimwene, munaona zoopsa." Akakhala chete, ifenso chete. Atsibweni anagona naye m'nyumba imodzi mpaka tulo tinabwerera, ndipo m'mawa ankamutengera kudimba kukathirira mbatata ya kachewere. Mnzake amene ankafunafuna tulo m'botolo la kachasu, zaka zinapita akudzidzimukabe. Masiku ano mumati munthu akatuluka wopanda bandeji ndiye kuti wachira, aliyense n'kubwerera ku zake.

Ndiye itana atsibweni ako kapena mnzako wofatsa. Chapa usaithawe mpaka kalekale, mantha amanenepa ukamawazemba. Tsiku loyamba mukangoima pamalo okwerera, kuonerera zikudzaza. Tsiku lina mukakwere ulendo waufupi, masana, iye ali pambali pako. Mtima ukayamba kuthamanga, ponda pansi mwamphamvu, tulutsa mpweya pang'onopang'ono ngati ukuuzira phala la mwana, ndipo udikire ndithu mpaka mtimawo utsike. Wa ku Tete udzabwera pambuyo.

Ukatha mwezi zinthu zisakusintha, kapena zikukula mpaka kulephera ntchito, pita kuchipatala ukafotokoze zonse, ndi za malotozo, usakangoonetsa mkono. Koma ngati unamenyetsa mutu ndipo ukupweteka mowonjezereka, ukusanza kapena kusokonezeka, kapenanso akukufikira maganizo odzipha, usadikire mwezi, nyamuka lero lomwe.

Amayi ako uwauze usiku uno kuti sukugona. Ndikuwadziwa, akuyesa kuti n'zamkono basi.