Gemu ya mphindi 12 siidikira pepala lanu

"Achimwene, Loweruka likudzali tili ndi fainolo ya mpikisano wa FC, gemu ya mpira ya pa PlayStation, kuno ku Nkhotakota, ndipo maiki andipatsa ine. Muholomo mudzakhala anyamata odziwa gemu, komanso makolo ndi abusa omwe sanagwirepo padi yosewerera gemu. Ndilembe zotani kuti odziwawo asatope, osadziwawo asasochere?"

Achemwali, kalata yanuyi ndaiwerenga ndili pa kabaza kuchokera ku Kamuzu Road, ndipo ndinaseka mpaka wopalasa anacheuka. Sindimaseka inu ayi. Ndimaseka manyazi anga omwe mpaka lero anzanga kuno ku Salima sanawaiwale.

Ine ndinakula ndikumvera a Steve Liwewe Banda akuwulutsa mpira pawailesi, ndipo ndili mwana ndinkagwira chitsononkho ngati maiki kuseri kwa nkhokwe n'kumawatsanzira. Ndiye tsiku limene anyamata a pa shopu ya magemu anandipempha kuti ndiwulutse fainolo yawo, ndinati nthawi yanga yakwana. Nthawi imeneyo gemuyi inkatchedwabe FIFA, dzina la EA Sports FC lisanabwere mu 2023. Ndinakhala usiku uwiri ndikulemba. Masamba anayi, mbali zonse. Mbiri ya gemu, mbiri ya matimu, malonje a aliyense kuyambira amfumu mpaka amene anatibwereka masipika a kutchalitchi. Ndinasitanso malaya.

Gemu inayamba ndili pa tsamba loyamba. Ndinkafotokoza bwinobwino kuti mpikisano unayamba ndi anthu angati, maso ali papepala, pamene holo yonse inaphulika. Chigoli. Ndinakweza mutu mochedwa, ndinangoona mnyamata wa ku Chipoka ataimirira pampando, padi ili m'mwamba. Ndinayamba kufotokoza chigoli chimene sindinachione, ndipo ndili mkati mwa bodza langalo, mnzake uja anangoyambitsa mpira pakati, mapasi anayi, wabweza. Zigoli ziwiri, ine osaona n'chimodzi chomwe. Kamwana kena kumbuyo kanakuwa kuti "Abiggie, onani sikirini!" ndipo holo inagwa nacho chiseko.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri si chimenecho. Pampando wakutsogolo panali malume anga, chipewa chili pabondo, ataitanidwa ndi ine ndemwe. Pakupuma anandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Mphwanga, Mbappé amene ukumutchulayu ndi uti mwa ana awiriwa?" Chigawo chonse ndinkatchula mayina a zithunzi za pa sikirini. Ana awiri amene ankatuluka thukuta m'manja patsogolo pathu, amene makolo awo anali momwemo, sindinawatchule ngakhale kamodzi.

Ndinapita kunyumba n'kuwerengera, ndipo masamu ake ndi amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Gemu tinaiika pa mphindi 6 chigawo chilichonse. Wotchi ya pa sikirini imayenda mphindi 45 m'mphindi 6 zenizeni, kutanthauza kuti mphindi imodzi ya mu gemu ndi masekondi 8 okha. Tsamba limodzi lodzaza limanditengera pafupifupi mphindi zitatu kuliwerenga mokweza. Mphindi zitatuzo mu gemu ndi 22 n'kachidutswa, theka la chigawo. Masamba anga anayi aja anali gemu yonse! Mpira wa pa bwalo, ngati wa Bullets ndi Wanderers, uli ndi mpata wocheza, wina akagona pansi mumatha kukamba za nyengo. Uwu ulibe. Chiganizo chimodzi chotalika, mphindi yapita.

Choncho ndinena mosapsatira, ndipo amene akufuna kutsutsa atsutse: mawu owerenga papepala mpira ukuyenda ndi mlandu. Pepala limalembedwera nthawi imene mpira waima basi. Mpira ukamayenda maso amakhala pa sikirini, mawu amakhala afupiafupi, dzina ndi chochita. "Watembenuka. Wadula. Ali yekha!" Alendo anu, abusa ndi makolowo, simuwalandira powaphunzitsa mpira uli mkati. Mumawalandira pa kona, pa kubwereza kwa chigoli, pamene wosewera waimitsa gemu kuti asinthe anthu, ndi pakupuma. Ndipo nthawi iliyonse mumawapatsa chinthu chimodzi chokha.

Ena amaganiza kuti kukuwa ndiko kukometsa. Ndinamvapo mnyamata wina ku Senga Bay akukuwa kuyambira mphindi yoyamba ngati nyumba ikupsa, mpira uli kwa goloboyi. Pofika chigawo chachiwiri mawu anali atasasa, anthu anali atazolowera phokoso, ndipo chigoli chenicheni chitabwera analibe pokwera. Mtima wa anthu umakwera akadziwa chimene chili pachiswe ndi nthawi imene yatsala. Mukanena motsitsa mawu kuti "mphindi ya 80, pa wotchi ya pamkono panu kwatsala masekondi 80, ndipo uyu akufunika chigoli chimodzi," ngakhale agogo amasiya kusenda chinangwa.

Palinso kachinthu kamene kamandinyansa: owulutsa Achingerezi a m'kati mwa gemu kulankhulira limodzi ndi inu. Lowani mu Game Settings, pa Audio, mutsitse Commentary Volume mpaka 0, koma phokoso la ochemerera mulisiye. Limakuthandizani kupuma. Ine tsiku lija ndinkapikisana ndi mzungu wa mu sipika, ndipo iye ankaona zigoli zonse.

Za magetsi ndisayambe, koma ndiyambabe. Fainolo yanga yachiwiri anathima pa mphindi ya 63. Panalibe amene anagwirizana kale chochita, ndiye mkangano unatenga nthawi yaitali kuposa gemu, wina akuti tiyambirenso, wina akuti zigoli zanga bwanji. Ine ndili ndi maiki yakufa m'manja. Kuyambira pamenepo ndimalemba papepala mphindi ya chigoli chilichonse, ndipo lamulo la kuthima kwa magetsi ndimalinena gemu isanayambe, onse akumva: zigoli zikhala momwe zinalili, tidzangosewera mphindi zotsala.

Zoyenera kukhala papepala

Tsamba limodzi, zilembo zazikulu. Pamwamba mawu otsegulira a masekondi 40, ndipo muwamalize asanadine poyambira. Tiyerekeze kuti osewera anu ndi Kampango ndi Ncheni, sindikudziwa mayina awo:

"Makolo, abusa, takulandirani. Amene akupikisana ndi awiri okha, awa mukuwaona apawa. Kumanzere ndi Kampango, timu yake yavala zoyera. Kumanja ndi Ncheni, yake yavala zofiira. Aliyense amayendetsa wosewera mmodzi pa nthawi, amene ali ndi kachizindikiro pamutu, ena onse akuyendetsedwa ndi makina. Asewera magemu awiri, tiphatikiza zigoli. Wotchi yake imathamanga, musatuluke kukayankha foni."

Musanalembe mitunduyo, onani kaye kuti yunifomu zisafanane. Zoyera ndi zachikasu pa TV yakale, munthu ali kumbuyo kwa holo, ndi timu imodzi.

Za magemu awirizi si zopeka za kwathu kuno. Fainolo ya FIFA eWorld Cup ya 2019 ku London inaseweredwa choncho, gemu ina pa Xbox, ina pa PlayStation, ndipo MoAuba wa ku Germany anagonjetsa Msdossary wa ku Saudi Arabia 3-2 pophatikiza. Ngati nanunso mukutero, apa ndi pamene alendo amasocherera, chifukwa gemu yachiwiri mukangoiyamba ngati yatsopano, sikirini imawerenga kuyambira 0-0. Taonani. Yoyamba Kampango wapambana 3-1. Yachiwiri, mphindi ya 30, Ncheni wagoletsa, sikirini ikuti 1-0. Amayi ake a Ncheni ayamba nthungululu poganiza kuti chikho chabwera. Apa ndi pa inu: "Sikirini ikuti 1-0, koma zonse pamodzi ndi 3-2, Kampango adakali patsogolo. Ncheni akagoletsanso chimodzi afanana, ziwiri watenga." Chiganizo chimenechi muchibwereze pa chigoli chilichonse, pakupuma, ndi pa mphindi ya 70 ndi ya 85. Odziwa gemu sachitopa nacho, chifukwa ndicho chimawakweza mtima.

Pansi pake lembani tiziganizo tinayi kapena tisanu ta alendo, kalikonse kosapitirira mpweya umodzi, ndipo mukakanena muzikadula ndi cholembera. Mwachitsanzo, anyamata akayamba kukuwa chifukwa Kampango akungozungulitsa mpira kumbuyo pa mphindi ya 75, dikirani utuluke kunja n'kunena kuti, "Akudya nthawi dala, mapasi ochepa okha mphindi yatha." Ncheni akatumiza anthu awiri kukalanda, pamene wagwira batani la R1, musatchule batanilo kwa agogo. Nenani kuti, "Watuma wachiwiri kukathandiza, koma kumbuyo wasiya khomo lotsegula." Odziwa amva kuti mwaona chimene waona mnzawo, osadziwa ayamba kuyang'ana khomolo. Chigoli chikangolowa muwachenjeze onse kuti asathe kuvina, chifukwa wogoletsedwa amabweza kawirikawiri pongoyambitsa pakati. Ndikudziwa chifukwa ndi chimene chinandigwetsa.

Mawu a anyamata musawataye onse. Akamati "wamuphika" kapena "wamudyetsa", litengeni liwulo, mulimasulire kamodzi pamene mpira waima, kenako muzingoligwiritsa ntchito. Pofika kumapeto mudzamva abusa nawo akuti wamuphika.

Osewerawo mukawapeze Lachisanu. Muwafunse zinthu ziwiri aliyense, kumene amakhala ndi amene anamugonjetsa movutikira kuti afike apa, kuti mukhale ndi chonena pamene aimitsa gemu. Muwapemphenso kuti pa fainolo asadumphe kubwereza kwa chigoli. Amakonda kudina msanga kuti mnzawo asapume, koma masekondi amenewo ndiwo munda wanu, ndi pamene mumawauza makolo kuti onani pasi inachokera apa. Ngati muli ndi mnzanu wodziwa gemu, gawanani: inu mpira ukuyenda, iye ukaima, ndipo akaona mpira walowa m'bokosi adule mawu ake ngakhale ali pakati pa chiganizo.

Ngati zifika pa mapenate, fotokozani kamodzi asanayambe kuti wina akusankha koponyera, wina kogwera, kenako muzingowerenga zigoli ndi kutchula dzina la woponya. Ndipo masipika akhale patsogolo pa osewera, atawafulatira, chifukwa mukati "kumanja kuli munthu yekha" iwo akumva, mwawasewerera. Mnyamata wa ku Chipoka uja anandiuza izi patatha miyezi, titakumana pogula usipa, ndipo ananena asakuseka.