Chithunzi chisafike kumudzi inu musanafike

"Akulu, ndakhala ku Cape Town zaka 7 pa ntchito ya m'nyumba, ndipo mu Disembala ndikupita kwathu ku Katete koyamba. Ndikufuna kuika chithunzi pa Facebook ndi mawu opereka moni kwa abale onse nthawi imodzi, poti ndi ambiri ndipo ndili ndi masabata atatu okha. Amalume anamwalira mu 2021 ine kulibe. Ndilembe chiyani pansi pa chithunzicho kuti pasapezeke wodandaula?"

Alongo anga, mawu ndikupatsani kumunsiku, koma chovuta si mawu ayi. Chovuta ndi tsiku limene mudzadine kuti chithunzicho chipite, ndi makomo amene mudzakhale mutapondapo tsikulo lisanafike.

Inenso ndinachonapo ku Joni, pa ntchito ya zomangamanga. Pobwerera ndinatsika ku Intercity ku Lusaka, ndi kukwera basi ya mbandakucha ya ku Chipata, makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa Great East. Pa Luangwa paja basi imaima anthu n'kugula nsomba zouma ndi madengu, pafupifupi aliyense wochokera kunja anatulutsa foni kujambula. Ine foni inali itatha moto, ndiye ndinalowa m'tauni mwakachetechete, ndi kupeza galimoto yopita kwathu cha ku msewu wa Chadiza. Amai atandiona sanathamange. Anayamba alira kaye ali chikhalire pakhonde, kenaka anatuma mwana kukaitana amalume. Anandiyalira mphasa, chikwama anakachiika m'nyumba osachitsegula, madzi akumwa anabwera, ndipo palibe amene anandifunsa kanthu mpaka amalume atakhala pampando wao. Pamenepo tinaomba m'manja, iwo nati, "Tiuzeni malonje." Ndinafotokoza kuyambira tsiku lonyamuka, njira imene ndinadzera, anzathu a kuno amene ndinawasiya kumeneko ndi umoyo wao. Nditamaliza, iwo anatenga mawu anga n'kuwabwereza kwa amai ndi kwa ambuya ngati kuti sanamve, chonsecho anali pomwepo. Kenaka inafika nthawi yao yondiuza za pamudzi, ndipo apa m'pamene mlendo amamva mndandanda umene foni siinena bwino: uje anatisiya chaka cha njala ija, uje ukwati unatha, mwana wa uje tinaika mwezi watha. Nkhuku inaphedwa pambuyo pa zonsezi.

Madzulo omwewo amalume anandikonzera ulendo wa m'mawa mwake. Khomo loyamba linali la azakhali, amene amuna awo anamwalira ine ndili kunja. Lachiwiri la anyakwawa, kukadziwitsa kuti m'mudzi mwalowa munthu. Anzanga a ku sukulu anali kumapeto kwenikweni.

Koma mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa giredi 11 wokhala ndi foni yake, anali atandijambula kale ndikutsika galimoto, chikwama chachikulu chili pamutu pa mnzake. Usiku womwewo anaika pa sitetasi ya WhatsApp ndi mawu akuti "Abwana atera, marandi afika." Kutacha, tisanamwe ndi tiyi yemwe, panja panali anthu amene sindinawaonepo chibadwire, wina ndi chikalata cha kuchipatala, wina ndi nkhani ya feteleza. Zimenezo zinali zochepa. Titafika kwa azakhali cha m'ma 10, tinapeza atamva kale kuchokera kwa mdzukulu wao. Anatilandira, mphasa anayala, koma ndisanatsegule pakamwa kupepesa anati, "Tamva kuti abwana atera. Ife timayesa kwabwera mwana wathu." Amalume anagwira ntchito yaikulu tsiku limenelo kufotokoza kuti sindine ndinalemba. Azakhali anamva, koma nkhaniyo amaitchulabe mpaka lero tikakumana pa maliro.

Ndiye mukandifunsa ine, moni wa pa Facebook si moni. Poyamba ndimati ndinene kuti ndi moni wochepa, koma ayi, si moni konse. Ndi chidziwitso, ngati uthenga wa pa wailesi. Moni wa kwathu uli ndi mbali ziwiri: inu mumafotokoza, iwo amafotokoza, ndipo wamkulu amakhala pakati kulandira mawu. Munthu amene walemba "moni nonse abale anga" wangolankhula mbali yake yokha n'kuchokapo. Achinyamata adzayankha ndi timitima tofiira, koma amai aakulu amene alibe foni adzauzidwa ndi mwana kuti "uja wabwera, ali pa Facebook", ndipo iwo adzayamba kuwerenga masiku kuti muonekera liti pakhomo pao.

Pa nkhani ya amalume anu ndiye musachite masewera. Kwa ife Achewa malume ndi mwini mbumba, ndipo khomo lao likuyembekezera misozi yanu ngakhale papita zaka. Aliyense akudziwa kuti mu 2021 kuyenda kunali kovuta chifukwa cha matenda aja, maliro ambiri tinaonera pa foni, ena tinangotumiza ya bokosi. Palibe amene adzakuimbani mlandu chifukwa chosabwera nthawi imeneyo. Mlandu umayamba tsiku limene mwaponda m'dziko. Mukafika kwa amai anu n'kupereka malonje, m'mawa mwake valani chitenje, tengani wamkulu mmodzi wa pabanja akuperekezeni kwa akazi a malemuwo. Musapite nokha, chifukwa wopepesa salankhula yekha, amamutsegulira mawu ndi amene wamuperekeza. Mukakhala pansi, lirani ngati misozi yabwera, ndipo alekeni afotokoze matenda onse kuyambira pachiyambi, ngakhale munamva kale pa foni. Chipepeso mupereke kudzera mwa wokuperekezaniyo. Sichifunika kukhala chachikulu: K100 kapena K200, paketi ya shuga, sopo, mwina chitenje. Za kumanda musadzitsogolere, funsani. Kumanda sapitako munthu yekha popanda eni mudzi kudziwa, ndipo akakulolani, foni ikhale m'chikwama. Ndaonapo chithunzi cha munthu ataima pa mtumbira wa atate ake atavala magalasi adzuwa, pansi atalemba za kuwasowa. Anzake a kunja anamutonthoza bwino. Kumudzi anangoti wapenga.

Pano ndipatuke pang'ono, poti zimandinyansa. Pali chizolowezi cha machona a masiku ano chojambulitsa pa chipilala cholandirira alendo polowa mu Chipata, kapena pa bwalo la ndege ku Lusaka, zikwama zitaunjikana kumbuyo. Agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a ku Halale ankabweranso ndi katundu, njinga, mabulangete, makina osokera, koma sutikesi inkatsegulidwa usiku m'nyumba, pamaso pa amai ndi amalume, ndipo iwo ndiwo ankanena kuti bulangete ili lipite kwa uje. Wogawa akakhala wamkulu, wodandaula amadandaulira wamkuluyo. Inu mukaonetsa zikwama zinayi kwa anthu 800 a pa Facebook, mwadzipanga nokha wogawa, ndipo aliyense wawerenga kale gawo lake. Komanso Disembala ndi mwezi woipa pa nkhani imeneyi: mvula yagwa, feteleza wachiwiri akufunika, nkhokwe zayamba kupepuka, Januwale wa mayunifomu ndi mabuku ali pakhomo. Ntchito ya m'nyumba ku Cape Town tikuidziwa malipiro ake, lendi ikadya mbali yake zotsala sizikwana mudzi. Walira mvula walira matope, koma matope ena timachita kudziitanira ndi kamera.

Ndipo chinanso, mwana wa foni pakhomo panu mumugwire tsiku loyamba lomwe. Mugulireni mayunitsi ngati n'kofunika, koma mumuuze kuti chithunzi chanu sichituluka mpaka inu mutanena.

Tsono mulembe chiyani

Dikirani mpaka mutamaliza makomo atatu: kwa amai, kwa amfedwa, ndi kwa anyakwawa kapena wamkulu wa banja amene watsala. Kawirikawiri limakhala tsiku lachitatu kapena lachinayi. Abale a kutali amene ndi akulu kwa inu, a ku Lusaka, ku Kitwe kapena kutsidya ku Mchinji, muwaimbire foni chithunzi chisanatuluke, ngakhale mphindi imodzi yokha.

Chithunzi chikhale cha pakhomo, inu mutakhala pansi pafupi ndi amai, osati mutaima pamwamba pao. Muwapemphe kaye. Azimai achikulire ambiri safuna kuonekera ndi zovala za kumunda, apatseni mpata amange duku labwino.

Maina musatchule. Mukayamba kuti "moni kwa aNaphiri, aNabanda, aNgozo", amene mwamuiwala ndiye adzawerenge kawiri. Tchulani magulu: ambuya, azimai, atsibweni, alamu, asuweni. Mawu odandaula za kumudzi, onga akuti fumbi lake silinasinthe kapena netiweki ndi yovuta, asapezekemo ngakhale mwanthabwala. Tsiku lobwerera musalembe, limangochititsa anthu kuthamangira ndi mavuto awo. Ndipo lembani m'chilankhulo chathu. Chizungu chikhale cha mabwana anu ngati mukufuna kuwatumizira chao padera.

Ine ndikanalemba motere:

"Odi kumudzi. Ndafika bwino kwa amai, malonje ndapereka. Kwa amalume ndapitako kukapepesa, mzimu wao uuse mumtendere. Ambuya, azimai, alamu ndi asuweni nonse, uwu si moni ayi, moni ndibwera nawo ndekha pakhomo panu."

Ngati mukuona kuti simudzakwanitsa makomo onse, musalonjeze. Chotsani chiganizo chomalizacho muike ichi: "Amene sindikwanitsa kukuonani ulendo uno mundikhululukire, masiku andichepera, koma ndili kwa amai ndipo khomo ndi lotsegula." Dziwani kuti mawu akuti khomo ndi lotsegula anthu adzawatenga monga mwalembera, ndiye ufa ndi ndiwo zikhalepo, ndipo amai avomereze musanalembe chifukwa ophika ndi iwo.

Wina akalemba pansi pake kuti "mwatibweretsera chiyani", yankhani kuti "ndabwera ndi moyo, asuweni" basi, osaonjezera. Akalemba wamkulu, ngakhale mawu awiri okha, musamuyankhe ndi kachithunzi ka manja. Muimbireni.