Fyuluta ya rezisita ndi kapasita: n'chifukwa chiyani mawu a woyimba akudutsabe pa wufa?

"Achimwene, ine ndimakonza mawailesi ndi maampulifaya kuno ku Mchinji boma. Ndapanga fyuluta yoti wufa izitulutsa besi yokha. Ndaika rezisita ya 10k ndi kapasita yolembedwa 104 ampulifaya isanalandire mawu. Voliyumu ya ampulifayayo ndi ya 10k. Koma mawu a woyimba akumvekabe bwinobwino, komanso besi yachepa mphamvu. Kodi ndalakwitsa pati?"

Achimwene, mwalumikiza bwino, ndipo kapasitayo si yakufa. Pali zinthu ziwiri zimene zikuchitika nthawi imodzi, china ndi chibadwa cha fyuluta ya mtundu umenewu, china chikuchokera pa voliyumu yanuyo.

Mu fyuluta imeneyi mawu amadutsa mu rezisita, kenako kapasita imachokera pamene pathera rezisitayo kupita ku gilaundi, ndipo mawu opita ku ampulifaya timawatenga pamene ziwirizi zakumana. Rezisita imatsekereza mofanana, mawu akhale a besi kapena okwera. Kapasita ndiye imasintha: filikwense ikamakwera, kutsekereza kwake kumatsika. Kapasita yanu ya 104 ndi 100 nF, chifukwa nambalayo imatanthauza 10 ndi maziro anayi m'mapikofaradi. Pa 50 Hz imatsekereza ngati 32 kΩ, choncho mbali yaikulu ya voteji imatsalira pa iyo n'kupita ku ampulifaya. Pa 1,000 Hz imatsika kufika pa 1.6 kΩ basi, moti mbali yaikulu ya voteji imathera pa rezisita, ku ampulifaya kumangofika pang'ono.

Pakati pamenepa pali filikwense imodzi pamene kutsekereza kwa kapasita kumafanana ndendende ndi rezisita. Amenewa ndiye malire a fyuluta, ndipo timawapeza motere:

```
fc = 1 / (2π × R × C)
fc = 1 / (6.283 × 10000 × 0.0000001) = 159 Hz
```

R ikhale m'maomu, C ikhale m'mafaradi. Apa m'pamene ambiri amaphonya, amalemba 100 m'malo mwa 0.0000001 n'kupeza yankho lopanda mutu.

Munthu akhoza kuganiza kuti pa 159 Hz voteji igawika pakati, popeza ziwirizi zafanana. Sizitero. Voteji ya pa kapasita imatsalira m'mbuyo mwa ya pa rezisita ndi madigiri 90, sizifika pachimake nthawi imodzi, ndiye siziphatikizidwa ngati manambala wamba. Chimene chimatuluka ndi 0.707 ya chimene chalowa. Mukalowetsa 1 V mupeza 0.71 V, ndipo mphamvu ndiye imakhala theka. Zimenezi n'zimene mabuku amalemba kuti −3 dB.

Tsono vuto lanu lalikulu lili apa. Malire amenewa si khoma. Mawu opitirira 159 Hz sadulidwa, amangochepa pang'onopang'ono monga momwe imazimiririra wailesi mukamatalikirana ndi siteshoni. Mukalowetsa 1 V, pa 318 Hz patulukabe 0.45 V. Pa 1,000 Hz patuluka 0.16 V. Pa 1,590 Hz, pamene filikwense yachulukitsidwa kakhumi, patuluka 0.1 V. Mukapitirira malire ndithu, lamulo lake n'lakuti filikwense ikawirikiza kawiri voteji imatsika ndi theka, kapena kuti 6 dB, ndipo ikachuluka kakhumi voteji imatsika kakhumi, 20 dB. Rezisita imodzi ndi kapasita imodzi sizingachite zoposa pamenepa, ngakhale mutagula zodula bwanji.

Ganizirani tsopano pamene mawu a munthu amakhala. Telefoni imanyamula kuyambira 300 Hz mpaka 3,400 Hz, ndipo timamvana bwinobwino. Chigawo cha m'munsi cha mawu amenewa fyuluta yanu yangochichepetsa ndi theka. Komanso khutu limamva kwambiri mawu a m'chigawo chimenechi kuposa besi, moti 0.16 V pa 1,000 Hz, ampulifaya ikaikweza, woyimba mumumva ndithu.

Chachiwiri ndi voliyumu ya 10k ija. Masamu a pamwambawa amaganiza kuti palibe chimene chikukoka magetsi kutsogolo kwa fyuluta. Koma voliyumu yanu yaima pakati pa waya wa mawu ndi gilaundi, mbali ndi mbali ndi kapasita. Imagawana voteji ndi rezisita yanu, 10k kwa 10k, ndiye ngakhale besi yotsikitsitsa imafika ili theka. Besi yanu yathera pamenepo. Komanso kapasita tsopano ikuona marezisita awiriwo ngati imodzi ya 5 kΩ, choncho malire akwera kuchoka pa 159 Hz kufika pa 318 Hz. Mwataya besi, mwatsegulanso khomo la mawu a woyimba. Lamulo limene ndimaliona lothandiza n'lakuti chimene chili kutsogolo kwa fyuluta chikhale chachikulu kakhumi kuposa rezisita ya fyulutayo. Mukaika voliyumu ya 100k, malire angosunthira pa 175 Hz ndipo besi ifika 0.91 ya imene yalowa.

Mungatsimikize zonsezi pa benchi lanu. Ikani mu foni pulogalamu yotulutsa toni ya filikwense imodzi, malitimita muiike pa voteji ya AC, pa muyeso wotsikitsitsa umene ili nawo. Pa 50 Hz yezani voteji yolowa ndi yotuluka, gawani yotuluka ndi yolowa. Ampulifaya itachotsedwa muyenera kupeza pafupifupi 0.95. Kwezani filikwense mpaka yankho lifike 0.71, pamenepo ndiye malire enieni. Kenako lumikizani ampulifaya muyezenso. Mamita otchipa sanena zoona filikwense ikapitirira mahandiredi angapo, n'chifukwa chake muziyeza mbali zonse ziwiri pa filikwense iliyonse n'kugawa, kulakwitsa kwa mita kumafafanizika. Ngati mita yanu imayambira pa 200 V AC, siithandiza pa ntchito imeneyi. Malire akaphonya pang'ono, onani chilembo chimene chili pambuyo pa 104. J ndi 5 peresenti, K ndi 10, M ndi 20, pamene Z ikhoza kupitirira ndi 80 peresenti. Za Z zisiyeni, pezani kapasita ya poliyesita ya J kapena K.

Kuti woyimba achepe kwenikweni, ikani mafyuluta awiri motsatizana, mutasintha voliyumu kukhala ya 100k. Musaike awiri ofanana, chifukwa yachiwiri idzalemetsa yoyamba monga momwe voliyumu ija inachitira. Yoyamba ikhale 1 kΩ ndi 1 µF, yachiwiri ikhale yanu yomweyo ya 10 kΩ ndi 100 nF. Iliyonse payokha ili ndi malire a 159 Hz, koma pamodzi zimatsitsa 12 dB filikwense ikawirikiza kawiri. Pa 1,000 Hz patuluka pafupifupi 0.025 V m'malo mwa 0.16 V. Dziwani kuti malire a zonse pamodzi atsika kufika cha ku 100 Hz, zimene zili bwino pa wufa, ndipo pa 159 Hz padzangotuluka theka.

Chinthu chimodzi muchionetsetse pa fyuluta yoyambayo: chimene chikutulutsa mawu chili ndi kutsekereza kwakekwake, ndipo kumaphatikizana ndi 1 kΩ ija. Potulukira mahedifoni pa foni kutsekerezako n'kochepa, palibe vuto. Koma ngati mawu akuchokera mu chipangizo chimene potulukira pake pali kale rezisita ya 1 kΩ, zonse zikhala 2 kΩ ndipo malire a fyuluta yoyamba agwa kufika pa 80 Hz. Zikatero chotsani rezisita yanu ya 1 kΩ, kapasita ya 1 µF muilumikize ku imene ilipo kaleyo.