Kukonza nkhope ya munthu wotsinzina pachithunzi cha gulu

"Pachithunzi cha chinkhoswe chathu agogo anatsinzina, koma pa china maso ali bwino. Ndingasinthe bwanji?"

Achimwene, zimatheka, bola zithunzizo zikhale zojambulidwa motsatizana, wojambula asanasunthe. Mu Photoshop ikani chithunzi cha maso abwinocho pamwamba pa chinacho, musankhe zonse ziwiri, mudine Edit > Auto-Align Layers kuti zigwirizane. Chapamwambacho chipatseni Layer Mask yakuda, yomwe imachibisa chonse, kenako ndi burashi yoyera yofewa pentani pamaso pa agogo kuti maso abwinowo aonekere.

Ine ndimakonda kutenga maso ndi nsidze zokha ngati mutu sunatembenuke, chifukwa mukatenga nkhope yonse, duku ndi makutu zimavuta kulumikiza. Mukamaliza kulitsani chithunzicho muyang'ane pamphuno ndi pamasaya. Mukaona mzere kapena khungu lamitundu iwiri, ndiye kuti kuwala kunasiyana. Konzani ndi Curves, chida chosinthira kuwala, pa chapamwamba chokhacho.