Mafunso 25 koma akana pepala langa

"Ndine wophunzira zauphunzitsi, ndili pa tichingi pulakitisi pa sekondale ina muno mu Mzuzu. Ndakonza mafunso 25 a Chichewa a Fomu 1, malikisi 50, ambiri ndatola m'mapepala akale. Akulu a dipatimenti abweza, ati sakugwirizana ndi zomwe ndinaphunzitsa. Ndilakwa pati?"

Aphunzitsi, kalata yonga yanuyi imabwera teremu iliyonse, ndipo gwero lake ndi lomwelo: mapepala akale. Pepala lakale linakonzedwera kalasi ina, yomwe inafika pena. Siyani ulesi umenewo, tsegulani sikimu yanu.

Tengani pepala, mulembe m'munsimunsi zonse zomwe munati ana azidzatha kuchita, chilichonse pa mzere wake, pambali pake mapiriyodi omwe chinadya. Tinene kuti munaphunzitsa mapiriyodi 40: magulu a mayina 8, aneni 12, miyambi 8, kulemba kalata 12. Malikisi agawidwe motsatira nthawiyo. Mayina anatenga gawo limodzi mwa magawo asanu a teremu, choncho ayenera malikisi 10 mwa 50. Aneni 15, miyambi 10, kalata 15.

Tsopano funso lililonse liyankheni nokha kaye, kenako mulembe nambala yake ndi malikisi ake pa mzere umodzi wokha, wa luso lomwe mwagwiritsa ntchito poyankha. Funso losowa mzere lichoke, ngakhale likukomereni bwanji. Mukawonkhetsa mungapeze mayina 22, aneni 18, miyambi 10, kalata 0. Mapiriyodi 12 apita osayesedwa, chifukwa kuchonga makalata 70 n'kotopetsa, tisanamizane. Pomwe mwana amene anadwala masabata a mayina wataya pafupifupi theka la pepala pa mutu umodzi.

Mzere wodzadzawo uwerengeni mofatsa. "Tchulani gulu la dzina lakuti mudzi", kenako lakuti mtengo, kenako lakuti munda: ndi funso limodzi lovala malaya atatu, mayina onsewo ndi a gulu la Mu-Mi. Patsale limodzi lokha. Malikisi 12 opitirira pa mayina ndi atatu a pa aneni akwana ndendende funso la kalata.

Pomwe ambiri mumagwa ndi pa mneni amene sikimu yagwiritsa ntchito. Ngati sikimu ikuti ana "agwiritse ntchito miyambi m'ziganizo" koma funso lanu likuti "malizitsani mwambi uwu", malikisi 10 aja alipo koma luso silinayesedwe, mwayesa kuloweza. Kuno, komwe ana ambiri kunyumba amayankhula Chitumbuka, woloweza angakhoze zonse pomwe mwambiwo sakudziwa pouponya. Sinthani mafunso awiri kapena atatu akhale opanga chiganizo.

Musayembekeze kuti pepala lokonzedwali likweza malikisi a kalasi. Mwina atsika, poti kalata ndi yovuta kuposa kutchula. Koma mwafunsa nthawi ilipo. Pobwerera kwa akulu a dipatimenti, mutenge mafunso, mayankho ake ndi pepala la mizere lija, zonse pamodzi.