Dzanja latopa ndi mawusi, mafomu sakutha

"Anzanga olowetsa mafomu mu Excel, mumatani kuti mulu uzitha msanga? Ine ndimaweruka dzanja likupweteka koma ntchito ikadalipo."

Achemwali, mwandikhudza pachilonda. Ine mawusi ndinaisiya chaka chachiwiri pantchito, nthawi yomwe tinkalowetsa mafomu a alimi ogulitsa soya. Fomu imodzi inali ndi mabokosi 8, ndiye mafomu 300 patsiku ndi maulendo 2,400 a dzanja kuchoka pa kiyibodi kukagwira mawusi. Chinandimasula ndi `Tab`. Mukalemba dzina dinani `Tab`, mudzi `Tab`, choncho mpaka bokosi lomaliza, pamenepo dinani `Enter`. Imakubwezerani yokha pamzere wapansi, pansi penipeni pa bokosi lomwe munayambira, bola musakhudze mawusi kapena mivi pakati. Tsiku la lero ndi `Ctrl+;` basi. Ngati mudzi ndi womwewo wa mzere wapamwamba, `Ctrl+D` imautsitsa. Mawu omwe mumalemba mobwerezabwereza, monga "fomu ilibe siginecha", akopeni kamodzi, tsegulani mndandanda wa zomwe mwakopa ndi `Win+V` n'kuwakhoma ndi kachizindikiro ka pini kuti asachoke ngakhale kompyuta itazima. Pa Windows 10 ndi 11 zimagwira, koma koyamba imafunsa kaye kuti muiyatse.

Ndiye ndinafika pothamanga zedi, ndipo kuthamangako ndi komwe kunandipweteka.

Linali Lachisanu, cha m'ma 4 koloko. Supavaiza anandiponyera fayilo ya manambala a foni 60 okonzedwa, akuti alowe lero lomwe chifukwa Lolemba alimi alandire ndalama zawo pafoni. Anaima kumbuyo kwanga makiyi a galimoto ali m'manja, akuwaliza. Ndinadina `Ctrl+Shift+L`, ndinasefa kuti atsale alimi 60 aja okha, ndinaona kuti mayina akutsatana bwino ndi a m'fayilo yawo. Kenako `Ctrl+C` uko, `Alt+Tab`, `Ctrl+V` kuno, `Ctrl+S`, n'kutseka. Mphindi imodzi sinakwane. Ndinachita kudzitama mumtima.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ukamata mulu wa mabokosi pamizere yosefedwa, Excel salumpha mizere yobisika. Maso anga ankaona mzere 14, kenako 22, 23, 51. Iye anayambira pa 14 n'kumangotsika 15, 16, 17 mpaka 73. Mlimi wa pa 14 yekha ndiye analandira nambala yake. Ya munthu wa pa 22 inagwera pa 15, kwa mayi wina amene nambala yake inali yolondola kale. Mabokosi omwe ndinkawaona anadzaza ndithu, ndiye palibe chomwe chinandikayikitsa. Ndipo popeza ndinatseka fayilo, `Ctrl+Z` inalibenso chobweza.

Lolemba masana foni ya mu ofesi sinapume. Bambo wina anapalasa njinga kuchokera kumudzi, anakhala pakhonde mpaka madzulo, chipewa chili m'manja, akungoti "ine soya ndinapereka". Ndimawaonabe m'maso. Supavaiza uja? Pamaso pa bwana wamkulu anati sakudziwa kuti ndinkathamangiranji. Munthu yemwe ankaliza makiyi! Yemwenso ankayenera kuona fayilo isanapite kwa olipira, koma anangosayina. Kalata ya chenjezo inabwera kwa ine ndekha, ndipo masiku atatu ndinakhala ndikufananitsa mzere uliwonse ndi fomu ya pepala. Mwayi unali woti fayilo ya Lachinayi inali pa fulashi yanga, apo ayi sindikudziwa.

Ndiye mabataniwo phunzirani, musaope, koma awiri pa sabata, osati onse tsiku limodzi. Musanamate chilichonse yang'anani manambala a mizere kumanzere. Akakhala abuluu ndipo akulumphalumpha, sefa ndi yoyatsa, chotsani dzanja pa `Ctrl+V`. Ngati mukufuna kulemba mawu amodzi m'mizere yonse yooneka, monga "walipidwa", sankhani mabokosiwo, dinani `Alt+;` kuti atsale ooneka okha, lembani mawuwo n'kudina `Ctrl+Enter`. Koma manambala osiyanasiyana ngati anga aja, `Alt+;` sikupulumutsani. Chotsani sefa muwakoke ndi `VLOOKUP` pogwiritsa ntchito nambala ya chiphaso, kapena alembeni limodzilimodzi.

Ine pano chilichonse chokhudza ndalama za anthu ndimachita ndi mawusi, pang'onopang'ono, munthu aime kumbuyo kwanga kapena asaime. M'mawa uliwonse ndimayamba ndi `F12` kusunga fayilo ina yokhala ndi deti la tsikulo m'dzina. Ndipo mukayamba kumaliza mulu wanu 2 koloko, musakalengeze kwa supavaiza. Ine nditalengeza anandiwonjezera mafomu a anthu awiri, malipiro omwewo.