Anthu atatu akufuna nyumba imodzi ku Area 25

"Ndikugulitsa nyumba yanga ku Area 25 ndipo anthu atatu aifuna. Wina akuti K80 miliyoni nthawi imodzi, wina K85 miliyoni kudzera ku ngongole ya kubanki, wina K88 miliyoni koma pang'onopang'ono kwa chaka. Ndichite bwanji kuti ndisalakwire aliyense?"

Mayi, musalandire kaye ndalama ya aliyense, ngakhale atanena kuti ndi yongogwirira nyumba, chifukwa kulandira dipoziti kwa anthu awiri pa nyumba imodzi kumafikitsa munthu kupolisi. Auzeni onse atatu tsiku limodzi kuti pali enanso amene akuifuna, ndipo aliyense alembe mtengo wake womaliza, kalipiridwe kake ndi tsiku lomalizira kulipira, pasanafike Lachisanu masana. Musaulule kwa wina mtengo umene mnzake watchula, ndipo ngati pali ejenti muwaletse kutero, poti ena amakonda kuthamanga ndi manambala uku ndi uku mpaka ogula enieni kukhumudwa n'kuchoka.

Poyerekeza, musangoona kukula kwa nambala. Wa K88 miliyoni ndiye ndikumukayikira kwambiri, chifukwa mmene kwacha ikuchepera mphamvu, ndalama yobwera mwezi wa 12 sidzagula simenti imene ingagule lero, komanso anthu otere amapempha makiyi asanamalize, ndipo akasiya kulipira ali m'nyumba, kuwatulutsa kumafuna khoti. Wa ngongole abweretse kalata yochokera kubanki yosonyeza kuti amuvomera. Dziwaninso kuti banki imatumiza wake woyesa mtengo wa nyumba, ndipo akaiyesa pansi pa K85 miliyoni, wogula ayenera kupeza yotsalayo payekha. Banki idzafunanso kuona kuti mapepala a umwini ali m'dzina lanu ndiponso kuti mulibe ngongole ya msonkho kukhonsolo ya mzinda. Wa K80 miliyoni naye asangolankhula pakamwa, aonetse umboni kuti ndalamayo ilipodi. Ine ndikanasankha pakati pa awiriwa, malinga ndi changu chimene muli nacho.

Mukasankha, muimbireni wopambanayo, mupite kwa loya mukasainirane mgwirizano, dipoziti ilowe kudzera kubanki. Enawo auzeni tsiku lomwelo, inu nomwe, asadzamvere kwa mlonda wa pageti. Imbani foni, kenaka mutumize uthenga wonga uwu: "Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cha chidwi chanu pa nyumba ija. Titaunika zonse, tagwirizana ndi wogula wina. Pepani kuti sizinatheke ulendo uno." Simukukakamizidwa kutchula dzina la wogula kapena mtengo wake, ndipo wina akakweza mtengo mutasaina kale, mukane mwaulemu.

Amene wabwera pachiwiri mufunseni ngati angalole kuti mudzamuimbire zikakanika, koma mumuuze mosabisa kuti ali ndi ufulu wopitiriza kufunafuna nyumba kwina.